Shelefu ya mabuku pakhoma la mabuloko amphako

Nyumba zambiri zatsopano m'matauni mwathu zikumangidwa ndi mabuloko a simenti okhala ndi mphako m'kati. Khoma lotere limaoneka lolimba, koma mukaboola, simenti imene sikuluwu ingagwire ndi ya masentimita awiri kapena atatu basi. Kuseri kwake ndi mphako yokhayokha, ndipo pulasitala wapamwambayo sagwira kanthu. N'chifukwa chake pulagi wamba wapulasitiki, amene amagwira bwino panjerwa yootcha, apa amasololoka.

Mabuku ndi katundu wolemera: ondandalikidwa mita imodzi amatha kufika makilogalamu 25. Tiyerekeze kuti mukufuna shelefu yotalika masentimita 120, m'lifupi 25. Iyenera kusenza makilogalamu pafupifupi 30, ndipo sikuluwu yapamwamba pa bulaketi ndi imene imavutika kwambiri, chifukwa katunduyo amaikokera kunja pamene kunsi kwa bulaketi kukungotsamira khoma.

Chinsinsi n'kupeza pamene buloko lilibe mphako. Buloko la mphako ziwiri, lotalika masentimita 40, lili ndi kakhoma kolekanitsa mphakozo pakati pake, komanso tina kumapeto konse kuwiri. Boolani ndi kachitsulo kakang'ono kaye. Kakangoti phulu! kulowa mwadzidzidzi, mwagwera m'mphako, sunthani pang'ono cham'mbali. Kakamalimbabe mpaka masentimita 7 fumbi lotuwa likutulukabe, ndi pomwepo. Pamenepo lowetsani pulagi wamtali, wa mamilimita 8 kunenepa ndi 80 kutalika. Poboola musatsegule hamala ya makinawo, chifukwa imagumula buloko cham'kati n'kusiya simenti yopyapyala.

Ngati malo amene mukufuna agwera pamphako basi, gulani bawuti yokhala ndi mapiko otambasuka ikalowa m'kati. Mapikowo amakola kuseri kwa simenti, choncho siisololoka wamba.

Kupindika kwa thabwa ndi nkhani ina, ndipo gwero lake ndi mpata wa pakati pa mabulaketi. Mpatawo ukawirikiza kawiri, thabwa lodzaza mabuku limapindika kuwirikiza ka 16. Pashelefu yathuyi ikani mabulaketi atatu motalikirana masentimita 40, n'kusiya masentimita 20 kumapeto kulikonse. Muyezo umenewu ukufanana ndi kutalika kwa buloko, ndiye bulaketi yoyamba ikapeza polimba, zinazo kawirikawiri zimapezanso. Thabwa la paini la mamilimita 20 limakwanira. Chipibodi amafooka pang'onopang'ono, makamaka nyengo yadzinja kukakhala chinyezi.

Mangani bulaketi yakumapeto kaye, ikani levulo pathabwa, kenako chongani malo a zinazo. Musanaike mabuku, kanikizani shelefu ndi manja onse awiri. Mukaona bulaketi ikulekana ndi khoma pamwamba, kapena fumbi likuyoyoka pabowo, pulagi sanagwire. Musangowonjezera kumanga sikuluwu, boolani pena.