Mwana wobadwa Mekyuri akubwerera m'mbuyo

Pa 8 Epulo 2024, anthu a ku Mexico, America ndi Canada anaima panja n'kumayang'ana kumwamba pamene mwezi unkaphimba dzuwa masana. Tsiku lomwelo, pa dziko lonse panabadwa ana pafupifupi 360,000, monga zimakhalira tsiku lililonse. Okhulupirira nyenyezi amati ana onsewa anabadwa ndi chizindikiro chimodzi chapadera, chifukwa pulaneti ya Mekyuri inkaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo. Iwo amati mwana wobadwa pa nthawi yotere amaganiza, kulankhula ndi kuphunzira mosiyana ndi anzake. Chikhulupiriro chimenechi n'chofala kwambiri ku Ulaya ndi ku America, ndipo matelefoni a m'manja achifikitsa kwa anthu omwe kale sankachidziwa n'komwe.

Mekyuri sabwerera m'mbuyo ngakhale tsiku limodzi. Ndi pulaneti yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, ndipo imalizungulira m'masiku 88 okha pomwe dziko lathu limatenga masiku 365. Chomwe chimanyenga ndi malo omwe woonayo waima. Munthu woima patali akamaonerera mwana wopalasa njinga mozungulira mtengo wa mango, amamuona akulowera kumanja akakhala kuseri kwa mtengowo, ndipo akafika mbali yapafupi amamuona akulowera kumanzere. Mwanayo sanatembenuke, wangopitiriza kuzungulira. Mekyuri nayenso akamadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa amaoneka ngati wasintha njira poyerekeza ndi nyenyezi zakutali. Izi zimachitika pafupifupi masiku 116 alionse, kutanthauza katatu kapena kanayi pa chaka, ndipo ulendo uliwonse zimatenga milungu itatu kapena kupitirirako pang'ono. Nicolaus Copernicus analongosola chifukwa chake m'buku lake la mu 1543, pamene anaika dzuwa pakati m'malo mwa dziko.

Masiku onsewa akawonkhetsedwa amakwana 60 kapena 70 pa chaka. Choncho munthu mmodzi pa asanu alionse, kapena kuchepera pang'ono, anabadwa Mekyuri akuoneka wobwerera. M'kalasi ya ana 60 mungakhale ana otere 11 kapena 12. Si chinthu chosowa ayi.

Nanga pulaneti yakutali chonchi inalowa bwanji m'nkhani ya lilime ndi nzeru? Anthu a ku Babulo ankaigwirizanitsa ndi Nabu, mulungu wawo wa kulemba. Agiriki anaipatsa Herme, mthenga wa milungu, ndipo Aroma anamutcha Mekyuri, woyang'anira amalonda ndi apaulendo. Popeza pulanetiyi imathamanga kuposa zonse, anthu akale anaona kuti ikuyenerana ndi mthenga waliwiro. M'zaka za m'ma 100, Claudius Ptolemy wa ku Alexandria analemba m'buku lake lotchedwa Tetrabiblos kuti kuganiza kwa munthu kumaweruzidwa poona mmene Mekyuri analili pa nthawi yobadwa. Mgwirizano umenewu unachokera ku nthano za milungu. Palibe yemwe anayamba wayeza ana n'kupeza kuti zilidi choncho.

Mwana wa pa 8 Epulo uja akusonyeza bwino mmene okhulupirira nyenyezi amagwirira ntchito yawo. Amagawa njira yomwe dzuwa limaoneka kuti likuyendamo kumwamba m'zigawo 12, chilichonse cha madigiri 30, ndipo ali ndi mabuku a manambala osonyeza pomwe pulaneti iliyonse ili tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 2024, Mekyuri anaoneka ngati waima pa 1 Epulo ali pa digiri 27 m'chigawo choyamba, chomwe amachitcha Nkhosa Yamphongo. Kuyambira pamenepo manambala anayamba kutsika m'malo mokwera. Pa 8 Epulo anali pafupi ndi digiri 25, pa 11 Epulo anadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa ali pa digiri 22, ndipo pa 25 Epulo anaimanso pafupi ndi digiri 16 n'kuyambiranso kupita kutsogolo. Aliyense wofuna kudziwa za tsiku lake lobadwa amangoona ngati nambala ya mawa lake ndi yaing'ono kuposa ya tsikulo. Mabuku ambiri amaikapo chilembo cha R. Ola lobadwira limafunika kokha kwa yemwe anabadwa pa tsiku lomwe pulanetiyo inaoneka ngati yaima. Mpaka apa zonse ndi masamu enieni, ndipo katswiri wa zakuthambo aliyense angazitsimikize.

Kumasulira kwake ndiye nkhani ina. Olemba akale ankaona pulaneti yobwerera ngati yofooka, yochedwetsa zinthu. William Lilly wa ku England, m'buku lake la mu 1647, ankaichotsera mphamvu pulaneti yotere, ndiponso ankati pulaneti yomwe ili pafupi ndi dzuwa mosapitirira madigiri 8 ndi theka imakhala ngati yapsa ndi kuwala kwa dzuwalo. Pa 8 Epulo dzuwa linali pa digiri 19, ndiye kuti Mekyuri wa mwana wathuyu anali wobwerera komanso wopsa. Woweruza wa m'nthawi ya Lilly akanagwedeza mutu.

M'zaka za m'ma 1900, olemba monga Dane Rudhyar anafewetsa nkhaniyi poisakaniza ndi maphunziro a kaganizidwe ka munthu. Otsatira njira yatsopanoyi sanena kuti mwanayo ndi wofooka nzeru. Amati maganizo ake amayamba alowera mkati asanatulukire kunja. Amati ndi mwana yemwe mphunzitsi akafunsa funso sakweza dzanja msanga, koma madzulo akudya nsima ndi pamene amatulutsa yankho lomwe palibe analiganizira. Amati amalemba bwino kuposa mmene amalankhulira, amabwereza chiganizo mumtima asanachinene, amafuna kuwerenga ndime kawiri, ndipo sakhutira ndi kuloweza mpaka atamvetsa yekha chifukwa chake. Popeza chigawo cha Nkhosa amachiona ngati cha anthu opupuluma, anganene kuti mwanayu ali ndi maganizo othamanga koma pakamwa pochedwa.

Ena amawerengera mpaka chaka chomwe lilime lidzamasuke. Amatenga tsiku limodzi pambuyo pa kubadwa ngati chaka chimodzi cha moyo. Kuchokera pa 8 kufika pa 25 Epulo pali masiku 17, choncho anganene kuti mwanayu adzayamba kulankhula momasuka ali ndi zaka 17.

Chithunzi chimenechi n'chokoma mtima, ndipo n'zomveka kuti anthu ambiri ofatsa amachikonda. Munthu yemwe wakhala akunenedwa kuti ndi wamanyazi kapena wogona m'kalasi amapezapo ulemu akauzidwa kuti kuganiza kwake n'kozama, kungoti kumayenda njira ina. Koma funso lofunika ndi lakuti, kodi ana obadwa pa nthawi yotere amasiyanadi ndi anzawo? Ana obadwa m'masiku 24 a mu Epulo aja amaposa 8 miliyoni, a zilankhulo ndi makolo osiyanasiyana. Ngati tsiku ndi ola lobadwira zimaumba kaganizidwe, anthu obadwira pamodzi ayenera kufanana m'njira yoti n'kuyezeka.

Zimenezi zinayesedwa. Mu 2003, Geoffrey Dean, yemwe poyamba anali wokhulupirira nyenyezi, ndi Ivan Kelly anafalitsa zomwe anapeza pa anthu oposa 2,000 obadwira ku London kumayambiriro kwa Malichi 1958, ambiri mwa iwo motalikirana mphindi zochepa chabe. Anthuwa anali atayezedwa kale pa zinthu zoposa 100 ali ndi zaka 11, 16 ndi 23, kuphatikizapo nzeru, kuwerenga, masamu ndi kumasuka pa anthu. Malinga ndi chikhulupiriro cha nyenyezi, obadwa motsatizana chonchi anayenera kukhala ngati mapasa. Sanapezeke ofanana kuposa anthu awiri ongotoledwa mwachisawawa. Kafukufukuyu sankayang'ana Mekyuri payekha, koma anagwedeza maziko omwe nkhani ya Mekyuri yaimapo.

Chifukwa chomwe mawu a okhulupirira nyenyezi amamvekera oona chinaoneka bwino mu 1948. Mphunzitsi wa za kaganizidwe, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso, kenako anapatsa aliyense pepala lomwe anati likufotokoza khalidwe lake. Atawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5, onse pamodzi anapereka pafupifupi 4.3. Kenako anawauza kuti onse analandira pepala lofanana, lomwe ziganizo zake zambiri anazitola m'kabuku ka za nyenyezi kogula pamsewu. Ndani sanayambe wakumbukira yankho labwino mkangano utatha kale? Ndani samvetsa bwino ndime akaiwerenga kachiwiri? Makhalidwe omwe amapatsidwa kwa mwana wa Mekyuri wobwerera ndi a anthu ambiri, kuphatikizapo anayi pa asanu aja omwe anabadwa pulanetiyo ikupita kutsogolo. Za zaka 17 zija, wachinyamata aliyense amasintha kalankhulidwe pa msinkhu umenewo.

Pamene chikhulupirirochi chimavulaza ndi pamene chalowa m'malo mwa chithandizo. Mwana wochedwa kulankhula kapena wovutika kuwerenga amakhala ndi zifukwa zodziwika, ndipo zambiri zimathandizika zikadziwika msanga. Ana ambiri amatchula mawu oyamba ali ndi chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo pofika zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri, monga kunena kuti mama madzi. Mwana yemwe sakutero, kapena yemwe satembenuka akaitanidwa kumbuyo, ayenera kuyezedwa makutu, makamaka ngati amatuluka mafinya m'khutu kapena anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu, chimayenda m'magazi m'mabanja ena, ndipo ana ambiri chimawathera okha, koma chikapitirira kwa miyezi yambiri pamafunika katswiri wa kalankhulidwe. Palinso ana anzeru bwinobwino omwe amavutika kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake. Amenewa amapita patsogolo akaphunzitsidwa mwakachetechete liwu ndi liwu, osati akadikiridwa mpaka zaka 17.

Mwana woganiza mwakachetechete, wofuna nthawi asanayankhe, alipodi m'kalasi iliyonse, kaya anabadwa mwezi uti. Mphunzitsi amamuthandiza pongodikira masekondi angapo atafunsa funso asanaloze wokweza dzanja woyamba, komanso pomulola kulemba yankho asanalinene pagulu. Kholo lofuna kudziwa ngati mwana wake anabadwa Mekyuri akubwerera likhoza kuyang'ana, n'zosavuta ndipo n'zosangalatsa. Koma ngati mwanayo wakwanitsa zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mawu, kholo limutengere kuchipatala akamuyeze makutu ndi kakulidwe.