Za Kuchapa Nsalu za Khanda

Inu amayi amene mukuyembekezera, khungu la khanda ndi lanthete ndithu. Chifukwa chake tisankhe nsalu ya thonje yofewa, imene imamwa thukuta. Nayiloni timuleke, pakuti amasunga thukuta pathupi nabutsa zidzolo. Nsalu yakale yochapidwa kawirikawiri iposa yatsopano kufewa.

Tiyerekeze kuti mwagula chitenje cha mamita 2 kumsika. Kuuma kwake sikusonyeza kulimba ayi: ndi phala limene amapaka pochiomba, pamodzi ndi utoto wotsalira. Musamfunditse mwana chisanachapidwe. Chiviikeni chokha m'beseni la madzi ofunda. Madzi akasanduka mtundu, atayeni, ndipo mubwereze kufikira atayera. Chikamasulukabe mutabwereza katatu, chisakhudze thupi la mwana.

Pochapa, sopo akhale pang'ono, wosanunkhira. Ngati ali waufa, muyambe mwamsungunula m'madzi, pakuti timibulu take timakanirira m'misoko. Pamenepo tsukuluzani katatu, madzi atsopano nthawi iliyonse. Tidziwa bwanji kuti sopo watha? Finyani nsaluyo m'madzi oyera: mukaona thovu, kapena ikaterera m'manja, sopo akalipo. Sopo wotsala aumitsa nsalu, ndipo khanda lifiira m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, mmene thukuta limsungunulanso.

Potsiriza yanikani pachingwe padzuwa, osati pansi kapena paudzu, pakuti pali ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu. Zikauma, sitani ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, kuti mazirawo afe.