Entiropi, mphamvu ya Gibbs ndi kuwotcha laimu

Mwala wa laimu ungakhale pa dzuwa zaka zambirimbiri osasintha, koma ukalowa m'ng'anjo yotentha kwambiri umasanduka laimu, n'kutulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi: CaCO₃ → CaO + CO₂. Akatswiri a kemisitile amatha kudziwiratu powerengera ngati kusintha kotereku kungachitike pakokha, ndipo amayang'ana zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kutentha komwe kumatuluka kapena kumezedwa, kolembedwa ΔH. Kusintha kotulutsa kutentha kumakhala ndi ΔH yochepera ziro, ndipo nthawi zambiri kumachitika mosavuta. Kuwotcha laimu kumameza kutentha, ΔH yake ndi +178 kJ pa molo imodzi, choncho mbali imeneyi ikukaniza.

Chachiwiri ndi entiropi, S, muyeso wa kuchuluka kwa njira zomwe tizidutswa ta chinthu ndi mphamvu zake zingamwazikire. M'mwala tizidutswa timakhala tothinana, kalikonse pamalo pake, pomwe mu mpweya timayenda paliponse. N'chifukwa chake kusintha kotulutsa mpweya kumakweza entiropi. Kwa laimu ΔS ndi +161 J/K pa molo, ndipo mbali iyi ikuvomereza.

Ziwirizi zikakokanakokana, mlandu umagamulidwa ndi mphamvu ya Gibbs, yotchedwa dzina la Josiah Willard Gibbs wa ku Amereka: ΔG = ΔH − TΔS. ΔG ikachepera ziro, kusinthako kungachitike pakokha. Ikaposa ziro, chomwe chingachitike pachokha ndi kubwerera m'mbuyo.

Apa ndi pomwe ophunzira a chaka choyamba amapunthwa kawirikawiri. T iyenera kukhala m'makelivini, kutanthauza madigiri a masiku onse kuwonjezera 273, ndipo ΔS isinthidwe kukhala 0.161 kJ/K kuti igwirizane ndi ΔH. Woiwala izi amapeza yankho lonena kuti mwala ungasanduke laimu uli pabwalo, chizindikiro choti china chake chalakwika.

Pa 298 K, TΔS ndi 48 kJ, choncho ΔG ndi 178 kuchotsa 48, yomwe ndi +130 kJ: mwala ukhalabe mwala. Pa 1200 K, TΔS imafika 193 kJ ndipo ΔG imatsika kufika −15 kJ, laimu n'kuyamba kupangika. Malire ali pomwe ΔG ndi ziro, ndipo amapezeka pogawa 178 ndi 0.161, zomwe zikupereka pafupifupi 1100 K, kapena madigiri 830. Nambala imeneyi ndi yongoyandikira, poti ΔH ndi ΔS zimasinthako pang'ono kukamatentha, komanso mpweya wotulukawo ukamachotsedwa m'ng'anjo mwala umayamba kusweka malirewo asanakwane.

ΔG sinena za liwiro. Palafini ndi mpweya wa okosijeni zili ndi ΔG yochepera ziro kwambiri, komabe palafini amakhala m'botolo osayaka mpaka wina atakhwatcha machesi. Za kufulumira kwa kusintha zimadalira mphamvu yoyambitsira, yomwe imayezedwa mwa njira ina.