Kodi Chithunzi Chanu Chimapita Kuti Chikachoka M'foni?

Ukwati wa masiku ano ku Domasi sutha ndi mpunga ndi nyama zokha. Shehe akangomaliza kumanga nikaha, mafoni amatuluka m'matumba, ndipo dzuwa lisanalowe zithunzi za akwati zimakhala zitafika ku Mangochi, ku Nkhotakota ngakhalenso ku Joni. Makolo ambiri akhala akufunsa kuti: kodi zithunzi zimenezi zimasungidwa kwinakwake? Nanga n'zoona kuti makampani amaphunzitsira makina awo nkhope za ana athu? Yankho lake silimodzi, chifukwa chithunzi chimodzimodzicho chimaona zosiyana malinga ndi khomo limene chatulukira.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Kusunga chithunzi kuli ngati kuika thumba la mpunga m'nyumba ya mnzako: likadali lako, ndipo ukhoza kukalitenga kapena kumuuza kuti alitaye. Kuphunzitsira makina ndi nkhani ina. Makina amene pa foni amalembedwa kuti AI amaonetsedwa zithunzi mamiliyoni ambirimbiri, ndipo chithunzi chilichonse chimasintha pang'ono chabe manambala a m'kati mwake, mpaka makinawo atadziwa maonekedwe a nkhope, a chitenje kapena a mzikiti. Apa chithunzi chili ngati mchere umene wasungunuka m'ndiwo. Ngakhale mwini wake atachifufuta mawa, zimene makina anaphunzirapo sizibwerera. N'chifukwa chake pafupifupi makonzedwe onse amene tifotokoze pano amateteza zithunzi za mawa, osati za dzulo.

Tiyerekeze banja la kufupi ndi sukulu ya aphunzitsi ya Domasi limene lakwatitsa mwana wamkazi. Mlongo wake wa mkwatibwi wajambula zithunzi 40 pa foni yake, ndipo china mwa izo ndi cha m'chipinda, amayi akumuveka mkwatibwi asanafunde mpango. Madzulo ake mnyamatayo wachita zinthu zitatu: watumiza zithunzi kwa amalume ku Joni pa WhatsApp, waika zina pa Facebook, ndipo chimodzi chimene chinada wachipereka kwa makina a AI kuti achiwalitse.

Khomo loyambalo ndiye lotetezeka kuposa onse. Kuyambira mu 2016, mauthenga ndi zithunzi za pa WhatsApp zimayenda zotsekedwa mwakuti wotsegula ndi wotumiza ndi wolandira basi. Kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp, singathe kuziona, choncho singaphunzitsirenso makina. Foni ya amalume ikakhala yozima, uthengawo umadikira uli wotsekedwabe mpaka masiku 30, kenako umafufutidwa. Koma pali mipata iwiri. Woyamba ndi wakuti mafoni ambiri amatumiza kope la macheza onse ku Google Drive, ndipo kopelo silitsekedwa mwa njira yomweija pokhapokha mwini wake atachita kufuna. Lowani mu Settings, kenako Chats, kenako Chat backup, muyatse End-to-end encrypted backup. Mawu achinsinsi amene musankhe pamenepo muwalembe penapake, chifukwa mukadzawaiwala foni itatayika, ngakhale kampaniyo singakutsegulireni.

Mpata wachiwiri ndi Meta AI, imene inafika kuno ku Malawi mu Epulo 2024 ndipo imaoneka m'kati mwa WhatsApp momwemo. Chithunzi chimene mwatumiza kwa iyo mwachipereka ku kampani, osati kwa m'bale wanu, ndipo Meta imanena yokha kuti zimene anthu amatumiza kwa makinawa zimathandiza kuwaphunzitsa. Mukafuna kufufuta zimene munakambirana nawo, lembani m'machezawo kuti:

```
/reset-ai
```

Gulu la pa WhatsApp la banja kapena la madarasa lingatetezedwe podina dzina la gululo n'kuyatsa Advanced chat privacy, imene inabwera mu 2025. Ikayaka, palibe wa m'gulumo amene angaitane Meta AI m'machezamo, ndipo zithunzi sizigwera zokha m'mafoni a anthu.

Khomo lachiwiri, la Facebook, ndiye lofunika kukhalapo nthawi. Mu Seputembala 2023 mkulu wina wa Meta, a Nick Clegg, ananena poyera kuti kampaniyo inagwiritsa ntchito mawu ndi zithunzi zoonekera kwa aliyense za pa Facebook ndi Instagram pophunzitsa makina ake. Chaka chotsatira, mu Seputembala 2024, aphungu a ku Australia anapanikiza mkulu woona za chinsinsi ku kampaniyo, mayi Melinda Claybaugh, ndipo iwo anavomera kuti zimene akuluakulu anaika poyera kuyambira 2007 zinatengedwa. Anavomeranso kuti ngakhale maakaunti a ana osafika zaka 18 sanakhudzidwe, chithunzi cha mwana choikidwa poyera pa akaunti ya kholo lake chinatengedwa ndithu. Anthu a ku Ulaya anapatsidwa mwayi wokana chifukwa malamulo a kumeneko ndi okhwima. A ku Australia sanaupatsidwe. Ife kuno chida chimene tili nacho m'manja ndi kusankha amene aone chithunzicho.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Pansi pa dzina lanu, pafupi ndi tsiku limene munaika chithunzi, pali kachizindikiro kakang'ono. Kakakhala ka mpira wa dziko lapansi, ndiye kuti chithunzicho chili pa Public, pamtetete, ndipo chili m'gulu la zimene kampani imati ingatenge. Kakakhala ka anthu awiri, ndiye kuti chili pa Friends. Mnyamata wathu uja atayang'ana angapeze kuti zithunzi zake 12 zaukwati zonse zili ndi mpira wa dziko, popeza Facebook imakonda kukumbukira zimene munasankha ulendo wapita. Angasinthe chimodzichimodzi podina timadontho titatu, koma njira yachidule ndi kulowa mu Settings & privacy, kenako Settings, n'kutsika mpaka pa Audience and visibility, n'kudina Posts. Pamenepo asinthe Who can see your future posts kuti ikhale Friends, kenako adine Limit who can see past posts, imene imabweza zakale zonse nthawi imodzi. Mayinawa amasunthasuntha pulogalamu ikasinthidwa, choncho mukawasowa, alembeni pa kagalasi kofufuzira ka mu Settings.

Komabe pali zithunzi ziwiri zimene njirayi siibisa: chapankhope pa akaunti yanu ndi chachikulu chapamwamba chija. Zimenezi zimaonekera kwa aliyense nthawi zonse. Ife timadabwa kuona makolo amene amasamala kwambiri za amene alowa m'nyumba mwawo ataika khanda lawo pamalo amenewa.

Ndipo chithunzi chikakhala poyera, si Meta yokha imene ingachitole. Mu Juni 2024 bungwe la Human Rights Watch linapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil m'nkhokwe yotchedwa LAION-5B, ya zithunzi zoposa 5 biliyoni zotoleredwa pa intaneti zophunzitsira makina. Zina zinali ndi mayina a anawo ndi malo amene anajambulidwira, ndipo zina zinaikidwa ndi achibale zaka zambiri makinawa asanabwere. Bungweli linangoyang'ana kachigawo kochepetsetsa ka nkhokweyo.

Khomo lachitatu ndi la chithunzi chakuda chija. Ngati mnyamatayo anachipereka kwa ChatGPT pa akaunti wamba, chinasungidwa pamodzi ndi machezawo, ndipo chingagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina chifukwa makonzedwe ake amabwera oyatsiratu. Pozimitsira ndi mu Settings, kenako Data controls, pa mawu akuti Improve the model for everyone. Mukazimitsa, macheza atsopano saphunzitsiranso makina, koma amasungidwabe m'mbiri yanu mpaka mutawafufuta nokha, ndipo mukafufuta kampani imati imawachotsa kwa iyo pasanathe masiku 30. Apa ndi pamene kusiyana kwa kusunga ndi kuphunzitsa kumaonekera bwino: batani limodzi silichita zonse ziwiri. Wofuna kuti chithunzi chisalowe m'mbiri n'komwe ayambe ndi Temporary chat asanachitumize.

Gemini, imene ndi ya Google, ili ndi malamulo ake. Poyang'ana ndi pa Keep Activity, imene kale inkatchedwa Gemini Apps Activity mpaka mu 2025. Ikakhala yoyaka, zimene mwatumiza zimasungidwa miyezi 18 ngati simunasinthe nthawiyo, ndipo kuyambira pa 2 Seputembala 2025 Google imatengako zina mwa zithunzi ndi mafayilo otumizidwa kuti ikonzere makina ake. Ikakhala yozima, zimasungidwa maola 72 okha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti macheza ena amawerengedwa ndi anthu olembedwa ntchito, ndipo amene awerengedwa amasungidwa mpaka zaka 3 ngakhale inu mutafufuta mbiri yanu. Ife tinganene mosapsatira kuti chithunzi cha mayi wosafunda, cha chiphaso cha unzika kapena cha kabuku ka kuchipatala chisapite kwa makina amenewa, kaya batani layaka kaya lazima.

Pali khomo lachinayi limene mnyamatayo sanalitsegule yekha. Ngati pa foni yake pali Google Photos ndipo Backup ndi yoyaka, zithunzi zonse 40, kuphatikizapo cha m'chipinda chija chimene sanatumizire munthu, zinakwera zokha ku akaunti ya Google foniyo itapeza netiweki. Google imati siphunzitsira makina ake a kunja kwa Google Photos zithunzi zimenezi, koma kusunga imasunga. Dinani kachithunzi kanu kumwamba chakumanja, ndipo muona ngati Backup ikugwira ntchito. Chithunzi chofufutidwa kumeneko chimakhalabe mu Trash, kapena kuti Bin pa mafoni ena, kwa masiku 60.

Malamulo nawo alipo. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wofunsa zimene kampani ikusunga za iye ndi kupempha kuti zifufutidwe. Kukakamiza kampani ya ku Amereka kuti imvere ndi ulendo wautali, ndipo kusintha makonzedwe a foni kumatenga mphindi 10 zokha.

Muli pa kachithunzi ka Google Photos komweko, werengani imelo imene yalembedwa pamenepo. M'midzi mwathu muno anthu ambiri, makamaka amayi ndi agogo, anachita kutsegulilidwa akaunti ndi wogulitsa foni kapena mnyamata wokonza mafoni pamsika, ndipo ena anagula foni yakale ili ndi akaunti ya mwini wake woyamba. Aliyense amene akudziwa mawu achinsinsi a akauntiyo angaone zithunzi zonse ali kwina, osakhudza foni yanu n'komwe. Imeloyo ikakhala yachilendo, zimitsani Backup nthawi yomweyo, ndipo mwana wanu kapena m'bale wodalirika akuthandizeni kutsegula akaunti ya dzina lanu. Ikakhala yanu koma inatsegulidwa ndi munthu wina, sinthani mawu achinsinsi, kenako pa Manage your Google Account mulowe pa Security, muone Your devices, n'kutulutsa foni iliyonse imene si ya m'nyumba mwanu.