Kuchotsera kobwereka: chifukwa chake mwana amayankha 26 pa samu ya 52 − 38

Samu yochotsera imafuna kubwereka pamene nambala yapamwamba mumzere wina ndi yochepa kuposa yapansi pake. Mu samu ya 52 − 38, mzere wa mawani uli ndi 2 pamwamba ndi 8 pansi, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri a zaka 9 amapunthwa. Yankho lolondola ndi 14, koma m'makope a ana mumapezeka 26 kawirikawiri. Mwana wolemba 26 sanalote nambalayi ayi. Watsatira njira yakeyake, ndipo adzaitsatiranso mawa ngati sinadziwike ndi kukonzedwa.

Njira yakeyo ndi yotere: mumzere uliwonse amachotsa nambala yaing'ono mu yaikulu, osasamala kuti ili pamwamba ndi iti. Akaona 2 ndi 8 amati 8 kuchotsa 2 kutsala 6. Akaona 5 ndi 3 amati kutsala 2. Akatero walemba 26. Mu 1978, akatswiri awiri a ku America, John Seely Brown ndi Richard Burton, adaonetsa kuti zolakwa zambiri za ana pochotsera sizibwera mwangozi, koma zimachokera ku njira yolakwika yomwe mwana amaitsatira mokhulupirika. N'chifukwa chake kumupatsa samu zina makumi awiri za mtundu womwewo sikuthandiza. Amangozolowera kwambiri njira yolakwikayo.

Gwero la vutoli lili m'zimene mwana adaphunzira kale. Pophatikiza, 2 ndi 8 kapena 8 ndi 2 zimapereka 10 yemweyo, choncho mwana amaganiza kuti pochotseranso manambala angathe kusinthana malo. Komanso samu zake zoyamba, monga 58 − 32, zinali ndi manambala aakulu pamwamba m'mizere yonse, moti njira yakeyo inkamupatsa mayankho olondola. Chachikulu n'chakuti mwanayo amaona 52 ngati 5 ndi 2 zongoyandikana, osati mateni asanu ndi mawani awiri.

Mphunzitsi kapena kholo angazindikire vutoli ndi samu ziwiri zokha: 58 − 32 ndi 52 − 38. Mwana wotsatira njira yolakwikayi amayankha 26 pa zonse ziwiri. Akafunsidwa ngati munthu amene anali ndi 58 n'kuwononga 32 angatsale ndi zofanana ndi amene anali ndi 52 n'kuwononga 38, ambiri amayamba kukayika okha. Kukayikako n'kofunika, chifukwa mwana sasiya njira imene akuikhulupirirabe.

Kukonza kumayamba ndi zinthu zogwirika, cholembera chili pambali. Pamafunika timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi ndi tina tosamanga. Mwana amayala 52 yekha: mitolo isanu kumanzere ndi timitengo tiwiri kumanja. Nambala 38 siyalidwa, chifukwa iyenera kutuluka mu 52 momwemo. Kenako amauzidwa kuti apereke timitengo 8. Pamene pali tiwiri tokha, sangatembenuze funso monga amachitira papepala, ndipo amaona yekha kuti ayenera kumasula mtolo umodzi. Akamasula, mitolo imatsala inayi ndipo timitengo tosamanga timakwana 12.

Apa mphunzitsi asathamangire. Mwana awerenge zonse zimene zili patebulo, kuti aone kuti mitolo inayi ndi timitengo 12 ndi 52 yemwe uja. Zili ngati kusinthitsa K100 kuti ikhale ma K20 asanu: ndalama siichepa, imangokhala yosavuta kulipira nayo. Akatsimikiza zimenezi, amachotsa 8 mu 12 n'kutsala 4, ndipo amachotsa mitolo itatu mu inayi n'kutsala umodzi. Mtolo umodzi ndi timitengo 4 ndi 14.

Kulemba kumabwera pambuyo, ndipo chilichonse cholembedwa chiziyendera limodzi ndi chimene manja achita. Manambala amalembedwa m'mizere yoongoka, mawani pansi pa mawani, mateni pansi pa mateni. Mwana amayambira kumanja n'kudzifunsa mokweza kuti, “Ndili ndi 2, kodi ndingapereke 8?” Yankho likakhala lakuti ayi, amamasula mtolo, ndipo nthawi yomweyo amadula 5 n'kulemba 4 pamwamba pake. Kenako amalemba ka 1 kutsogolo kwa 2 kuti akhale 12. Akatero amachotsera: 12 − 8 = 4 kumawani, 4 − 3 = 1 kumateni.

Kudula 5 asanalembe 12 kumateteza cholakwa chachiwiri, chimene chimakonda kubwera choyamba chija chikatha. Mwana amabwereka bwinobwino n'kupeza 4 kumawani, koma amaiwala kuti mateni achepa, ndipo amachotsa 3 mu 5 n'kulemba 24. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: yankho limaposa lolondola ndi 10 ndendende. Mwana wotereyu wagwiritsa ntchito mtolo umodzi kawiri, ndipo akabwerera ku timitengo amaona kuti mtolo womasulidwa sungawerengedwenso pamodzi ndi yomangidwa.

Ziro pakati pa nambala amabweretsa vuto lina, monga mu 403 − 157. Kumawani kuli 3 ndipo pakufunika 7, koma kumateni kulibe chomasula. Mwana amapitirira mpaka ku mahandiredi. Amamasula handiredi imodzi kukhala mateni khumi, choncho 4 amasanduka 3 ndipo 0 amasanduka 10. Kenako amamasula teni imodzi mwa khumiwo, 10 n'kukhala 9, ndipo 3 wa kumawani n'kukhala 13. Tsopano mizere yonse yatheka: 13 − 7 = 6, 9 − 5 = 4, 3 − 1 = 2, ndipo yankho ndi 246. Masitepe awiriwa alembedwe onse. Mwana akangouzidwa kuti ziro amasanduka 9 osaona kumene 9 wachokera, amaiwala kuchepetsa 4 ndipo amapeza 346.

Mwana aphunzirenso kudzichongera yekha. Yankho likaphatikizidwa ndi nambala yochotsedwa liyenera kubweza nambala yoyamba. Choncho 14 + 38 = 52 akutsimikiza yankho, pamene 26 + 38 = 64 ndi 24 + 38 = 62 akuonetsa kuti china chalakwika. Kuyerekeza kumathandizanso asanayambe kulemba: 52 ali pafupi ndi 50, 38 ali pafupi ndi 40, kotero yankho liyenera kukhala cha m'ma 10, osati kuyandikira 30.

Zoyeserera zikhale zochepa koma zosakaniza. Mwana akapatsidwa samu zobwereka zokhazokha, amayamba kubwereka ngakhale pamene sipakufunika. Samu zisanu kapena zisanu ndi imodzi patsiku, monga 63 − 27, 67 − 23, 70 − 46 ndi 85 − 45, zimamukakamiza kufunsa funso lija pa mzere uliwonse asanadule nambala. Timitengo tingachotsedwe pamene mwana akutha kufotokoza ndi pakamwa pake kumene 12 wachokera ndi chifukwa chimene 5 wasandukira 4. Akamakanika kufotokoza zimenezi, ngakhale mayankho ake akhale olondola, mitolo ija ikufunikabe patebulo.