Kujambula Mpira Wodumpha Wooneka Wamoyo

M'makatuni ambiri, sekondi imodzi imakhala ndi mafulemu 24. Tiyerekeze kuti mpira ukutenga mafulemu 12 kuchoka pamwamba kudzagunda pansi. Chiwerengerochi ndicho nthawi yake. Koma mukatalikitsa zojambula 12 zonsezo mofanana, mpirawo umatsika ngati wamangidwa pachingwe.

Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezereka. Choncho pamwamba zojambula zithithikane, kenako zizitalikirana pamene mukutsika: gawo limodzi, atatu, asanu, asanu ndi awiri. Pofika fulemu 6, mpira uyenera kukhala utayenda gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mtundawo. Ongoyamba kumene sakhulupirira zimenezi mpaka ataziona.

Pafupi ndi nthaka, pomwe liwiro lakula, tambasulani mpirawo motsata kumene ukulowera. Ukagunda, uphwatalale kwa fulemu imodzi kapena awiri basi, chifukwa mukachulutsa umaoneka ngati phala. Kukula kwake kusasinthe: msinkhu ukachepa, m'mbali mufutukuke. Podumphanso usafike pomwe unayambira, ndipo mafulemu achepe, mwina 9 pokwera ndi 9 potsika.