Zomba Kapena Mzuzu: Mwana Akaphunzire Kuti?

Inu makolo Achikhristu, mwana wanu akakhoza mayeso a Fomu 4 mumakondwera, ndipo nkoyenera. Koma chimwemwe chisanathe pafika funso lolemera: kodi mwanayu akaphunzire mumzinda uti? Ambiri ayamba kuganiza za ichi maina atatuluka kale, pamene nthawi yosankha inapita. Dziwani kuti pa sukulu zaukachenjede za boma, mwana alemba maphunziro amene afuna pa kalata imodzi yopita ku bungwe la NCHE, ndipo malo amene adzakhale atsata maphunziro amene anasankha. Chifukwa chake khalani naye pansi asanalembe kalatayo.

Poyamba funsani ntchito imene mwana afuna, pakuti maphunziro ena ali ndi kwao. Pa sukulu za boma, za malamulo aphunzira ku Zomba. Udokotala aphunzira ku sukulu ya KUHeS, imene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo inaima payokha m'chaka cha 2021. Sukulu yodziwika pa zaulimi ili ku Bunda, kunja kwa Lilongwe. Koma uphunzitsi wa ku sekondale upezeka ku Zomba ndi ku Mzuzu komwe, ndiponso ku sukulu yathu ya Akatolika ku Nguludi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2006. Ya ku Nguludi si ya boma, tsono kalata yake ndi malipiro ake nzapadera.

Tiyerekeze banja la ku Mulanje limene mwana wao wamkazi afuna uphunzitsi. Aike patsogolo Zomba kapena Mzuzu? Maphunziro afanana, koma mtunda usiyana. Ulendo wa ku Mzuzu utha tsiku lathunthu pa basi, ndipo mwana adzauyenda kupita ndi kubwera pa chigawo chilichonse cha chaka. Ku Zomba afika tsiku lomwelo dzuwa likali m'mwamba. Amake angathe kumtumizira ufa ndi nyemba za kumunda, ndipo akadwala angamuyendere msanga. Kwa banja la ku Rumphi chiwerengero chomwechi chitembenuka, Mzuzu ndiye apambana.

Chachiwiri ndi pogona. Zipinda za pa sukulu nzochepa, sizikwanira ophunzira onse, kotero ambiri achita lendi m'makomo a anthu: ku Zomba ambiri akhala ku Chikanda, ku Mzuzu akhala ku Luwinga. Apa mpamene makolo anyengeka ndi mtengo wotsika. Mitengo isintha chaka ndi chaka, koma tiyerekeze motere. Chipinda chapafupi, chofikako pansi, achita K60,000 pa mwezi. China chakutali achita K40,000, koma mwana ayenera kukwera galimoto ya K1,000 popita ndi K1,000 pobwera. Pa masiku 22 a sukulu ulendowo udya K44,000, ndipo chipinda chotchipa chija chafika pa K84,000. Tsono funsaninso mwini nyumba ngati madzi ndi magetsi zili m'kati mwa lendi, ngati alola kuphika, ndiponso ngati lendi ilipidwa ngakhale pa tchuthi. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo pa ndalama iliyonse mwana alandire lisiti.

Musadalire ngongole ya boma yokha. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira lilipo, koma si onse opempha alandira, ndipo ndalamayo ingathe kufika sukulu itayamba kale. Konzani ndalama ya miyezi iwiri yoyamba mwana asananyamuke.

Chachitatu ndi chitetezo, ndipo ichi sichidziwika pa lamya. Mmodzi wa inu, kapena mbale wokhulupirika, apite akaone nyumbayo ndi maso ake. Ayende njira yochokera ku sukulu kufika pakhomopo madzulo kutada, pakuti ndiyo nthawi imene mwana adzabwerera kowerenga. Aone ngati chitseko chili ndi loko wolimba, ngati mazenera ali ndi zitsulo, ngati chimbudzi ndi bafa zili m'kati mwa mpanda, ndiponso ngati pafupi pali malo omwera mowa. Afunse ophunzira okhalamo kale, mwini nyumba palibe. Munthu akakuumirizani kutumiza ndalama ya chipinda chimene simunachione, nanena kuti ena achilanda mawa, chenjerani: umo ndimo akuba achitira.

Potsiriza, pemphani Abambo a parishi yanu kalata yomdziwitsa mwana kwa ansembe a kumene apita, kuti akafika apeze Misa ndi gulu la ophunzira Achikatolika. Banja lija la ku Mulanje, litawerenga zonsezi, liika Zomba poyamba ndi Mzuzu pambuyo pake. Inunso tengani pepala, mulembe mizinda iwiri moyandikana, muwerenge pamodzi ndi mwana wanu, ndipo Mulungu akuunikireni.